Kufuta ngongole yakufa ndi kuika alawansi ya ngongole zokayikitsa potseka mabuku a chaka

Tsiku lina tikutseka mabuku a chaka pa holoselo ina ku Limbe, ndinauza bwana kuti ndikufuna kufuta ngongole ya bambo wina wa golosale ku Luchenza. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Achimwene, mukufuna kumukhululukira munthu amene wandidyera ndalama zanga?" Nditawauza kuti ndikufunanso kuika alawansi ya ngongole zokayikitsa, anaseka n'kufunsa kuti alawansiyo alandira ndani, poti kwathu kuno mawuwa timawamvera kumisonkhano ya kunyanja. Kufuta si kukhululuka, ndipo alawansi imeneyi palibe amene amaisainira. Ndi njira ziwiri zolembera nkhani imodzi yowawa, yakuti katundu anatuluka koma ndalama sizidzabwera zonse, ndipo iliyonse imagwira malo ake pa balansi shiti.

Mukafuta ngongole mumapita pa tsamba la kasitomala mu leja n'kuchotsa ndalamazo, ndipo chiwerengero chonse cha ngongole za makasitomala chimatsika. Mukaika alawansi simukhudza tsamba la munthu aliyense. Aliyense amakhalabe ndi ngongole yake yonse, sitetimenti imamupitira monga kale, koma pambali mumatsegula akaunti ina imene imachotseredwa pa chiwerengero chonsecho polemba balansi shiti. Kufuta n'kwa ngongole imene mwataya nayo mtima. Alawansi ndi ya imene ikupumabe koma mukuikayikira. M'mapulogalamu a pakompyuta maakaunti atatu amene tigwire nawo ntchito kawirikawiri amaoneka ndi mayina awa:

```
Trade receivables
Bad debts expense
Allowance for doubtful debts
```

Yoyamba ndi ngongole za makasitomala, ndipo ndi chuma cha bizinesi. Yachiwiri ndi zotayika, imapita ku lipoti la phindu. Yachitatu ndi alawansi ija, imakhala ndi balansi ya kirediti ngakhale imakhala kumbali ya chuma, chifukwa ntchito yake ndi kuchepetsa yoyambayo. Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi cha holoselo imene chaka chake chimatha pa 31 Disembala. Manambala ndawasalaza dala kuti awerengeke mosavuta.

Choyamba, tsukani leja

Musanaweruze ngongole iliyonse, onetsetsani kuti chiwerengero chimene muli nacho n'choona. Phatikizani masamba onse a makasitomala, ndipo zotsatira zake zifanane ndi akaunti yaikulu ya ngongole za makasitomala. M'chitsanzo chathu zonse ziwiri zikuti K12,350,000 pa 31 Disembala 2023.

Kenako funafunani ndalama zimene zinalowa koma sizinalembedwe pa dzina la munthu. Masiku ano izi n'zambiri, chifukwa kasitomala amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndi nambala ya mkazi wake, kapena amaika ku banki osalemba dzina la shopu. Mungathe kumuyesa munthu wakuba pamene analipira kalekale. Patulaninso ngongole za mkangano. Ngati kasitomala akukana kulipira chifukwa makatoni a sopo anafika onyowa, kapena munamulembera mtengo wolakwika, imeneyo si ngongole yakufa. Mumamulembera kirediti noti, ndipo chimene chimatsika ndi malonda. Ngongole yakufa ndi ya munthu amene sakutsutsa kuti anatenga katundu, koma ndalama palibe kapena mwini wakeyo sakupezeka.

Chachiwiri, futani zakufa musanawerenge china chilichonse

Bambo wa ku Luchenza uja anali ndi K350,000. Shopu yake inatsekedwa mu Epulo, m'nyumbamo munalowa wometa tsitsi, foni inasiya kugwira, ndipo achibale ake anati anapita ku Joni. Makalata awiri anabwerera. Tinaona kuti kupita naye kukhoti kutidyera ndalama zina popanda wom'patsa samani. Apa chiyembekezo chatha, ndipo n'chimene chimafunika kuti mufute. Zina zimene zimafikitsa ngongole pamenepa ndi kampani imene yathetsedwa osasiya kanthu, kapena munthu amene wamwalira osasiya chuma cholipirira.

Kulemba kwake n'kosavuta. Debiti akaunti ya zotayika ndi K350,000, kirediti tsamba la kasitomalayo ndi K350,000. Tsamba lake lafika pa ziro, ngongole zonse zatsika kuchoka pa K12,350,000 kufika pa K12,000,000, ndipo phindu la chaka latsika ndi K350,000.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo pamenepa. Munthu amene amalandira ndalama za makasitomala asakhale yemweyo wovomereza kufuta ngongole. Njira yakale yobera ndi yomweyi: kasitomala walipira, wolandira waika m'thumba, kenako n'kulemba kuti ngongoleyo inafa. Choncho kufuta kulikonse kukhale ndi pepala losainidwa ndi mwini bizinesi kapena bwana wina, ndipo kumbuyo kwake mumangirire umboni, monga makalata obwerera aja ndi masiku amene munaimba foni. Odita akabwera amayambira pomwepo. Chinanso, musamuuze kasitomala kuti mwafuta. Kufuta ndi nkhani ya m'mabuku anu, ndipo sikuchotsa ufulu wanu wolonjerera ndalamazo. Sungani kabuku kapadera ka ngongole zofutidwa, kokhala ndi dzina, ndalama ndi tsiku, kuti munthuyo akadzatulukira mudzakhale ndi pom'gwirira, komanso kuti wogulitsa watsopano asadzam'patsenso katundu pangongole.

Chachitatu, patulani amene mukuwadziwa ndi dzina kuti akudwala

Pa K12,000,000 yatsalayo pali kontirakitala wina amene anatenga simenti ndi malata a K1,000,000. Miyezi isanu yatha. Foni amayankha, ulemu ali nawo, ndipo nthawi zonse amati akudikira kuti amene anam'patsa ntchito amulipire. Cheke chake chimodzi chinabwerera. Munthu wotere simungamufute chifukwa alipo ndipo akulonjeza, koma simungalembenso kuti miliyoni yonseyo ndi chuma chenicheni.

Apa pamafunika kuganiza, masamu okha sakwanira. Dzifunseni kuti mwa ndalamazi, ndi zingati zimene mukuona kuti zidzafikadi m'manja mwanu. Onani zimene walipirako miyezi yapitayi, ngati ali ndi katundu amene angagulitse, ndiponso ngati ena ogulitsa akumudandaulanso. Ife tinagwirizana kuti tikalimbikira tingapezeko K400,000. Ndiye kuti K600,000 ikulowa mu alawansi. Lembani chifukwa chake pa pepala, ndime imodzi yokha, kuti chaka chamawa musadzadabwe kuti nambalayi inachokera kuti.

Tsamba la kontirakitalayo likhalabe ndi K1,000,000. Musalikhudze. Ndaonapo anthu akuchotsa K600,000 pa tsamba la kasitomala, sitetimenti n'kutuluka ikunena K400,000, mwini wake n'kuisunga bwinobwino ngati umboni woti ngongole yake ndi yomweyo.

Chachinayi, gawani zotsalazo malinga ndi msinkhu wake

Mukachotsa kontirakitala patsala K11,000,000 ya makasitomala ambirimbiri amene palibe aliyense wa iwo amene mungamuloze chala. Komabe mukudziwa kuti pagulu lotere ena sadzalipira, kungoti simukudziwa kuti ndi ati. Apa ndi pamene bwana anavuta kwambiri. "Nanga mukutayiranji ndalama za anthu amene sanakane kulipira?" Ndinawafunsa ngati m'zaka zonse akhala akugulitsa pangongole munakhalapo chaka chimene aliyense analipira. Anangoti kukamwa pululu. Katundu amene anabala ngongolezi tinagulitsa mu 2023 ndipo phindu lake talilemba mu 2023, ndiye kutayika kwake kuyeneranso kuonekera mu 2023, osati kudikira chaka chimene munthuyo adzathawe.

Malamulo a kalembedwe ka mabuku amanenanso zomwezo. Kuyambira pa 1 Januwale 2018, makampani amene amatsata lamulo la padziko lonse la IFRS 9 amayenera kuwerengeratu ndalama zimene akuyembekezera kutaya, ngakhale pa ngongole imene tsiku lake lolipira silinakwane. Lamulo lakale, IAS 39, linkadikira kuti paoneke kaye chizindikiro cha vuto. Mabizinesi ang'onoang'ono amene amatsata malamulo opeputsidwa a IFRS amayang'anabe umboni woti ngongole yayamba kuvuta, pa munthu mmodzi kapena pa gulu. Funsani odita wanu kuti mabuku anu akuyendera lamulo liti, koma kalembedwe ka debiti ndi kirediti n'kamodzi.

Ikani invoisi iliyonse yosalipiridwa pa mzere wake mu Excel, tsiku lake mu kolamu C, ndalama mu kolamu D, ndipo tsiku lotseka chaka mu selo G1. Kolamu E iwerenge masiku, kenako muphatikize gulu lililonse. Mzere wachiwiriwu ukuphatikiza za masiku 31 mpaka 60:

```
=$G$1-C2
=SUMIFS(D:D,E:E,">30",E:E,"<=60")
```

Zathu zinatuluka motere:

| Msinkhu wa ngongole | Ndalama | Peresenti | Alawansi |
|---|---|---|---|
| Masiku 0 mpaka 30 | K6,000,000 | 1 | K60,000 |
| Masiku 31 mpaka 60 | K3,000,000 | 4 | K120,000 |
| Masiku 61 mpaka 90 | K1,200,000 | 10 | K120,000 |
| Kupitirira masiku 90 | K800,000 | 25 | K200,000 |
| Zonse | K11,000,000 | | K500,000 |

Maperesentiwa musakopere kwa ine kapena m'buku la sukulu. Amachokera m'mabuku anu akale. Bwererani zaka ziwiri kapena zitatu, muone kuti pa ndalama zimene zinafika m'gulu lililonse, ndi zingati zimene pamapeto pake munafuta. Ngati pa K2,000,000 imene inadutsapo masiku 90 munataya K500,000, ndiye 25 peresenti ija. Mukatero yang'anani kutsogolo, chifukwa zaka zapitazo sizinena zonse. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo inakwera nthawi yomweyo, ndipo wa golosale amene ankatha kudzaza mashelefu ndi kulipira ngongole anayamba kusankha chimodzi. Potseka chaka chimenecho kunali kwanzeru kukweza maperesenti pang'ono. Ganiziraninso mtundu wa makasitomala anu. Amene amagulitsa kumidzi amavutika mu Januwale ndi Febuluwale anthu akamasaka chimanga, n'kudzatsitsimuka zokolola zikayamba kugulitsidwa. Ngati muli ndi magulu osiyana chonchi, monga magolosale ndi masukulu, apangireni matebulo awiri.

Tebuloli likhoza kukunamizani ngati ndalama zolowa zimalembedwa mosasamala. Kasitomala akatenga katundu watsopano n'kulipira yekhayo, koma wolemba n'kuika ndalamazo pa invoisi yakale kwambiri, ngongole yokalamba imaoneka ngati ya dzulo. Mungazindikire izi mukaona munthu amene balansi yake siitsika chaka chonse, koma nthawi zonse ali m'gulu la masiku 30.

Apa mukuonanso chifukwa chake tinayamba ndi kufuta ndi kupatula. Bambo wa ku Luchenza akanakhalabe m'gulu lomalizalo, mukanamuikira alawansi ya K87,500, kenako n'kumufutanso K350,000 yonse. Kutayika kumodzi mukanakuwerenga kawiri.

Chachisanu, lembani kusiyana kokha

Phatikizani K600,000 ya kontirakitala ndi K500,000 ya pa tebulo. Alawansi yofunika pa 31 Disembala 2023 ndi K1,100,000. Pamenepa ndi pamene ambiri amagwera, ophunzira pa mayeso ndi anthu akale pantchito omwe.

Akaunti ya alawansi siyamba pa ziro chaka chilichonse. Ndi akaunti ya pa balansi shiti, ndiye imawoloka ndi balansi yake kulowa m'chaka chatsopano. Tsegulani muone chimene chilimo. Mwathu munali K800,000 ya chaka cha 2022, ndipo ndalama imeneyo inachotsedwa kale pa phindu la zaka zam'mbuyo. Chimene chikufunika tsopano ndi kuikweza kuchoka pa K800,000 kufika pa K1,100,000. Choncho debiti akaunti ya zotayika ndi K300,000, kirediti alawansi ndi K300,000.

Mukalakwitsa n'kulemba K1,100,000 yonse, alawansi ifika pa K1,900,000, ndipo phindu ndi chuma zonse zitsika ndi K800,000 yopanda chifukwa. Kudzigwira n'kosavuta: mukatha kulemba, balansi ya akaunti ya alawansi ifanane ndendende ndi nambala ya pa pepala lanu lowerengera. Ikapanda kufanana, mwalemba chonse m'malo mwa kusiyana, kapena mwatembenuza debiti ndi kirediti.

Pa lipoti la phindu la 2023 paoneka K650,000, kutanthauza K350,000 yofutidwa ndi K300,000 yokweza alawansi. Pa balansi shiti, pansi pa chuma chimene chisanduke ndalama posachedwa, paoneka izi:

| | |
|---|---|
| Ngongole za makasitomala | K12,000,000 |
| Kuchotsa alawansi ya ngongole zokayikitsa | K1,100,000 |
| Zotsala | K10,900,000 |

Taonani kusiyana kwake. K350,000 ya ku Luchenza siikuoneka paliponse patebuloli, inasowa m'kati mwa mzere woyamba. Alawansi ikuoneka poyera pa mzere wake, ndipo yaoneka yonse, K1,100,000, ngakhale ku lipoti la phindu kwapita K300,000 yokha. Makampani ambiri amangoonetsa K10,900,000 pa balansi shiti penipenipo, mizere inayo n'kuiika m'mafotokozedwe a kumapeto. Wa ku banki amene akuganiza zokukongozani amawerenga mizere yonse itatu, chifukwa kukula kwa alawansi poyerekeza ndi ngongole zonse kumamuuza mtundu wa anthu amene mumawakongoza.

Mabuku a Disembala nthawi zambiri amamalizidwa mu Febuluwale kapena Malichi. Gwiritsani ntchito miyezi imeneyo. Onani amene alipira chaka chitatha, chifukwa munthu amene wamaliza ngongole yake pa 20 Januwale simungamuikenso pa okayikitsa. Ndipo mukamva mu Febuluwale kuti kasitomala wina wagwa, nthawi zambiri ndiye kuti pa 31 Disembala anali atadwala kale, choncho mumakonza manambala a chaka chathacho malinga ngati mabuku sanasainidwe.

Chaka chotsatira: wokayikitsa uja akafadi

Apa ndi pamene njira ziwirizi zimakumana, ndipo m'pofunika kuyenda pang'onopang'ono. Mu Ogasiti 2024 kontirakitala uja anagulitsa galimoto, n'kutipatsa K300,000, bizinesi yake n'kutha. Pa tsamba lake patsala K700,000 imene sidzabweranso. Tsopano iyenera kufutidwa. Koma kumbukirani kuti K600,000 ya ndalama zimenezi tinaichotsa kale pa phindu kudzera mu alawansi. Tikangoti debiti zotayika K700,000 n'kuiwala alawansi ija, munthu mmodzi tamulira maliro awiri.

Njira imene ine ndimakonda ndi kudya alawansi ija mwachindunji. Kirediti tsamba la kontirakitala ndi K700,000. Debiti alawansi ndi K600,000, ndipo K100,000 yotsalayo, imene sitinaiyembekezere, debiti zotayika. Taonani zimene zachitika pa balansi shiti. Ngongole zonse zatsika ndi K700,000, alawansi yatsika ndi K600,000, koma mzere wa zotsala watsika ndi K100,000 yokha. Tikanakhala kuti tinalosera ndendende, mzere wa zotsala sukanasuntha n'komwe, ndipo phindu la 2024 silikanakhudzidwa. Anthu ambiri amadabwa pamenepa, kuti ngongole yaikulu chonchi ifutidwe koma phindu osagwedezeka. Ululu wake tinaumva kale chaka chatha.

Njira inayo, imene mabuku ambiri a sukulu amaphunzitsa, ndi kusakhudza alawansi m'kati mwa chaka. Mumafuta K700,000 yonse kupita ku zotayika, kenako potseka chaka alawansi imadzikonza yokha. Tiyeni tione ngati zikufika pamodzi. Tinene kuti pa 31 Disembala 2024 ngongole zonse ndi K10,000,000, palibe wina wom'patula ndi dzina, ndipo tebulo latsopano likuti alawansi yofunika ndi K450,000.

Pa njira ya m'mabuku a sukulu, alawansi idakali pa K1,100,000. Kuti ifike pa K450,000 iyenera kutsika ndi K650,000, ndiye debiti alawansi, kirediti zotayika. Zotayika za chaka zikhala K700,000 kuchotsa K650,000, kutsala K50,000. Pa njira yanga, alawansi inatsala pa K500,000 titadyako ya kontirakitala. Kuti ifike pa K450,000 itsika ndi K50,000 yokha, ndipo zotayika zikhala K100,000 kuchotsa K50,000, kutsalanso K50,000. Balansi shiti pa njira zonse ziwiri ikuti K10,000,000 kuchotsa K450,000, zotsala K9,550,000.

Kusiyana kuli m'kati mwa chaka. Ngati mumatulutsa malipoti a mwezi ndi mwezi, njira ya m'mabuku a sukulu idzaonetsa Ogasiti ngati mwezi wa tsoka, Disembala ngati mwezi wa mwayi, pamene zonse ziwiri si zoona. Sankhani njira imodzi ndipo mukhale nayo. Choopsa ndi kusakaniza, kapena kufuta kontirakitala koma n'kusiya dzina lake pa mndandanda wa okayikitsa. Potseka chaka chilichonse, yendani pa mndandandawo dzina ndi dzina, ndipo aliyense amene tsamba lake lili pa ziro achoke.

Kutsika kwa alawansi kumakweza phindu popanda tambala imodzi kulowa. N'chifukwa chake akaunti imeneyi imakopa anthu ofuna kukongoletsa mabuku. Chaka chikavuta, wina amatsitsa 25 peresenti ija kufika pa 10 kuti banki ione phindu. Chaka chikakoma, amaikweza kuti abise zina za mawa. Odita akaona peresenti yasintha amafunsa chimene chasintha kwa makasitomala, ndipo yankho liyenera kupezeka m'mbiri ya malipiro awo.

Wakufa akauka

Mu Novembala 2024 bambo wa ku Luchenza anatulukira pa holoselo, atavala jekete lachikopa, akufuna kuyambiranso bizinesi. Bwana anam'patsa moni bwinobwino, n'kundiitanitsa kabuku ka ngongole zofutidwa kaja. Munthuyo sanatsutse, analipira K200,000 pomwepo.

Ndalama zoterezi musangozilemba kirediti pa tsamba lake. Tsambalo lili pa ziro, ndiye lidzaonetsa ngati inu ndi amene muli naye ngongole ya K200,000, ndipo ngongole zonse za makasitomala zidzatsika molakwika. Yambani mwabwezeretsa ngongoleyo: debiti tsamba lake K200,000, kirediti akaunti ya ngongole zofutidwa zimene zabwezedwa. Kenako landirani ndalamazo monga mwa masiku onse, debiti kashi kapena banki, kirediti tsamba lake. Tsamba labwerera pa ziro, mbiri yake ikuonetsa kuti analipirako, ngongole za makasitomala pa balansi shiti sizinasinthe, ndipo phindu la 2024 lakwera ndi K200,000 imeneyi, pambali pa K50,000 ya zotayika tinawerenga ija. Mabuku a 2023 simuwatsegulanso, chifukwa pa nthawi imeneyo munafuta malinga ndi zimene munkadziwa.

K150,000 yotsalayo musaibwezeretse pa tsamba chifukwa choti walonjeza. Isiyeni m'kabuku kaja mpaka ndalama zake zitaoneka. Bwana anauza bamboyo kuti katundu atha kutenga, koma pa kashi.